Kupikula mahediseti opanda chingwe ku Kariakoo

"Achimwene, ndikufuna kuyamba kukapikula mahediseti opanda chingwe ku Dar. Nanga m'chipwirikiti cha ku Kariakoo chija, mumadziwa bwanji kuti awa ndi olijino, awa ndi feki?"

Achemwali, bokosi musalikhulupirire. Opanga feki amalikopera bwinobwino, mpaka chithunzi chija chotulukira pa iPhone mukatsegula kachibokosi ka AirPods nachonso amachidziwa kupanga. Ngakhale nambala ya siriyo itavomera pa checkcoverage.apple.com, musafulumire kusangalala, chifukwa amatenga nambala ya hediseti imodzi yeniyeni n'kuidinda pa mabokosi ambirimbiri.

Chinyengo chawocho n'chomwe chimawagwiritsa. Uzani wogulitsa atsitse katoni yomwe mukufuna kunyamulayo, osati sampulo ya pa shelefu. Solorani nokha mabokosi atatu, lapamwamba, lapakati ndi lapansi, muwayale pamodzi. Nambala ikafanana pa awiri okha, katoni yonseyo isiyeni. Zikasiyana, tsegulani limodzi: nambala ya pabokosi ifanane ndi ya kunsi kwa chivindikiro cha kachibokosi kochajira, komanso ndi yomwe iPhone ikuonetsa mukalowa pa Settings, kenaka Bluetooth. Kuyambira pa iOS 16 ya mu 2022, foni imatha kulemba kuti "Cannot Verify AirPods", koma feki ina imadutsa osagwidwa, choncho foni ikangokhala chete si umboni.

Chomwe ine ndimadalira kwambiri ndi khutu. Ngati bokosi lalembedwa ANC, kutanthauza kuti hedisetiyo imaletsa phokoso lakunja, phokoso la msikalo likuthandizeni. Valani onse awiri, musaike nyimbo, imani pafupi ndi jenereta kapena basi yomwe injini ikulira, muyatse ANC. Yeniyeni imameza kugunda kwa injini kuja nthawi yomweyo, mawu a anthu n'kumamveka chapatali. Feki yotchipa imangolira kabelu m'khutu, injini n'kumamvekabe monga kale. Mukatero imbirani mnzanu muli pomwepo, akuuzeni ngati akukumvani, pakuti kasitomala wa ku Mzuzu kapena ku Limbe adzabweza katundu chifukwa cha maikolofoni kusiyana ndi china chilichonse.

Pa Oraimo, palani kachikwangwani kobisa nambala pabokosi muitsimikize pa webusaiti yawo. Samsung ndi JBL muziyese ndi mapulogalamu awo a pafoni, Galaxy Wearable ndi JBL Headphones. Pulogalamu ikakana kuizindikira hediseti ya mtundu womwe imayenera kuudziwa, ikani pansi. Ndiye muzipita mutagula kale bandulo pa laini ya ku Tanzania.

Za mtengo n'zachidule. AirPods Pro 2 inatuluka pa madola 249, ndiye wokupatsani pa mtengo wa madola 15 akukugulitsani kope, kaya alumbire chotani.

Wogulitsa akakana kuti mutsegule bokosi, gulani limodzi pamtengo wa litelo, muliyese pamaso pake, kenaka mukambirane za katoni. Lisiti alembepo mtundu ndi kuchuluka kwake, chifukwa a MRA pa Songwe adzalifuna, ndipo mukawoloka mlatho uja palibenso kubweza katundu.