Abwana akangoti "mukonze za mpunga uja" nkutuluka

"Achimwene, ndangoyamba kumene yaukalaliki pa kampani ina yogula mpunga kuno ku Nkhotakota. Abwana amangoti 'mukonze za mpunga uja pofika mawa' basi ulendo. Ine ndimati eya bwana koma mumtima sindidziwa kuti akunena chani, ndiye kufunsa ndimaopa kuti aziti ntchito yandikulira. Nditani?"

Achemwali, kufunsa funsani ndithu, koma musamapite kwa abwana chimanjamanja. Funso loti "ndipange bwanji?" kapena "sindinamve" ndi limene limaoneka ngati munthu yamukanika, chifukwa ntchito yonse yoganiza mwawabwezera eni ake. Koma mukabwera ndi maganizo anu kale, iwo nkungoti eya kapena ayi, pamenepo amaona kuti mutu ukugwira.

Tiyeni titenge mawu omwewo. Pa ntchito yanuyo "za mpunga uja" zitha kukhala zinthu zosiyana kwambiri. Mwina akufuna adziwe matumba amene ali mu weyahausi, mwina akufuna ndandanda ya alimi amene sanalipidwe, mwinanso akunena zoti mupeze lole yoti inyamule katundu wa kasitomala wa ku Lilongwe. Ndipo ngakhale ali matumba, ndi wopuntha kapena wosapuntha? Kilombero yekha kapena ndi faya yemwe? Ndiye musanatsegule pakamwa khalani pansi mphindi pang'ono, kumbukirani zimene abwana akhala akukamba masiku amenewa, amayimbirana foni ndi ndani, chawavuta ndi chani. Ngati dzulo amakangana ndi dalaivala nkhani ya mtengo wa thiransipoti, mwayi waukulu ndi woti akunena za katundu wopitayo. Sankhani chimodzi chimene mukuchiona kuti ndi chomwecho, china musunge pambali.

Kenako mufunse motere: "Bwana, kuti ndisaphonye, za mpunga zija ndikuganiza kuti mukunena kilombero wopita ku Lilongwe uja, ndiwerenge matumba a 50 kg amene apunthidwa kale ndikufunsanso mtengo wa lole. Ndi choncho, kapena mumanena za malipiro a alimi?" Mwaona, mulibemo kupepesa, mulibe zoti pepani ndine wachilendo. Mawu oti "kuti ndisaphonye" ndimawakonda chifukwa samaloza chala abwana kuti sanafotokoze bwino, ndipo akuluakulu ambiri kwathu kuno chimawapweteka ndi chimenecho, kumva ngati mwana akuwakonza. Akayankha, muwonjezere kamodzi kokha za nthawi ndi kaperekedwe: "Ndikupatseni pa pepala m'mawa, kapena ndingotumiza pa watsapu madzulo ano?" Mawa la abwana nthawi zina limatanthauza 7 koloko asananyamuke, pomwe inu mumaganiza kuti muli ndi tsiku lonse.

Nthawi yofunsira ndi tsiku lomwelo, ola lisanathe ngati nkotheka. Funso lomweli mukalifunsa mawa lake 10 koloko limamveka ngati munangokhala osagwira kanthu. Musawafunse pagulu, alimi ali pa sikelo kapena pali mlendo, dikirani ali okha, ndipo ngati akwera kale galimoto lembani meseji, zimathandizanso chifukwa yankho limatsala mu foni, tsiku lina akadzati sindinanene choncho mumangowakumbutsa mwaulemu. Mafunso onse apite kamodzi. Chimatopetsa mabwana ndi kugogoda kanayi, funso limodzi limodzi.

Zofunsa anzanu a mu ofesi samalani nazo. Kufunsa kumene kumakhala buku la sitoko kapena mmene lipoti limalembedwera, palibe vuto. Koma zoti abwana amatanthauza chani, nawonso akungoganizira ngati inu, ndipo zikalakwika palibe adzayime nanu.

Tsono alipo mabwana ena oti ngakhale mufunse bwino amangoti "mmene timapangira muja" kapena "muone inuyo". Kawirikawiri ameneyo nayenso sanaganize bwinobwino chimene akufuna, adzachidziwa akachiona. Musalimbane naye. Pangani kachidutswa kakang'ono msanga, tsamba limodzi, mwachitsanzo matumba opuntha ndi angati, osapuntha angati, malole awiri atchula mitengo yanji, muwaonetse nkuti "ndayamba chonchi, ndipitirize?" Munthu savutika kukonza chinthu chimene chili m'manja mwake. Koma malire ake ndi awa: chilichonse chotulutsa ndalama kapena katundu, kulipira mlimi, kugwirizana mtengo ndi mwini lole, kutsegula weyahausi kuti matumba atuluke, musachite mongoganizira. Lembani kuti "lole ndaipeza, mtengo ndi uwu, ndikudikira mundiuze ndisanavomere", ndipo mudikiredi mpaka ayankhe, ngakhale dalaivala akukakamizeni bwanji.