Khoti lingafafanize bwanji lamulo loti aphungu anakhazikitsa?

"Zikomo achimwene. Ndinamva pa wailesi kuti khoti linathetsa lamulo la vakabu ati chifukwa likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ine ndimayesa lamulo ndi lamulo basi. Kodi pali malamulo ena aakulu kuposa anzake? Nanga ife ogulitsa mumsika zikutikhudza bwanji?"

Mayi, nkhani ya vakabu mwaitchulayi ndi yomwe ingatiyankhe bwino, ndiye tiyambire pomwepo.

Mu Malichi 2015, bambo wina wogulitsa majumbo, a Mayeso Gwanda, analawira m'bandakucha kupita ku Limbe kukachita geni yawo. Apolisi anawagwira panjira n'kuwatsegulira mlandu pogwiritsa ntchito ndime 184(1)(c) ya buku la milandu ndi zilango. Ndime imeneyo inkati munthu akapezeka pamsewu kapena pamalo ena aliwonse pa nthawi yokayikitsa, moti n'kuganiziridwa kuti wabwerera zoipa, ndiye kuti ndi vakabu. Taonani pomwe panali vuto. Sipankafunika kuti munthu wabadi kanthu kapena wathyola nyumba. Kukayikira kwa wapolisi kunali kokwanira. Ndipo tonse tikudziwa amene amakayikiridwa nthawi ya 4 koloko m'mawa: woyenda wapansi atasenza katundu, osati wodutsa pa galimoto.

Lamulo limeneli silinali lopeka. Linalembedwa m'buku ndithu, kuchokera nthawi ya atsamunda cha m'ma 1930, ndipo gwero lake ndi lamulo la ku Mangalande la 1824. Wapolisi amene anagwira a Gwanda akanatha kutsegula buku n'kukulozerani ndime yake. Komabe mu Januwale 2017 oweruza atatu a bwalo lalikulu la milandu anagamula kuti ndimeyo ndi yopanda mphamvu, chifukwa inkaphwanya ulemu wa munthu, ufulu woyenda, komanso ufulu wosasalidwa.

Mphamvu yochitira zimenezo anaitenga m'malamulo aakulu oyendetsera dziko, aja ena amangoti konsichushoni, omwe tinayamba kugwiritsa ntchito mu 1994. Ndime 5 imanena mosapita m'mbali kuti lamulo lililonse, kapena chilichonse chimene boma lachita, chikatsutsana ndi malamulo aakuluwa, chilibe mphamvu pa mbali imene chikutsutsanayo. Ndiye yankho la funso lanu loyamba ndi lakuti inde, malamulo ali ndi mkulu wawo. Malamulo wamba, monga a zapamsewu, a msonkho, a malo kapena a zilango, amatiuza ife anthu zochita ndi zosachita. Malamulo aakulu amauza boma lenilenilo malire ake. Ndi amene anakhazikitsa Nyumba ya Malamulo, udindo wa mtsogoleri wa dziko ndi makhoti. Aphungu amapanga malamulo chifukwa konsichushoni inawapatsa mphamvuyo, ndiye sangaigwiritse ntchito kuphwanya chomwe chinawapatsa mpando.

Kusiyana kwina kuli pa kasinthidwe. Bilu wamba imadutsa ngati aphungu ambiri mwa amene ali m'nyumbamo tsiku limenelo avomereza, kenako mtsogoleri wa dziko n'kusainira. Koma kusintha konsichushoni kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse, owerengedwa ndi ojomba omwe. Ndipo pali ndime zina, makamaka za ufulu wachibadwidwe, zomwe ngati kusinthako kukukhudza tanthauzo lake, pamafunika riferendamu kuti anthu eniake avote. Amene anali akuluakulu mu 2002 akukumbukira bilu yofuna kuchotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko pa nthawi ya a Bakili Muluzi. Aphungu ovomereza anali ambiri kuposa okana, moti likanakhala lamulo wamba likanadutsa mosavuta. Inagwa chifukwa mavoti sanafike pa magawo awiri mwa atatu aja.

Nthawi zina kulimba kumeneku kumachedwetsanso zabwino, ndipo sindibisa. Mu 2015 aphungu anakhazikitsa lamulo la maukwati lonena kuti munthu azilowa m'banja atakwanitsa zaka 18. Anthu anaomba m'manja, koma konsichushoni inali ikulolabe mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Lamulo laling'ono silikanagonjetsa lalikulu, ngakhale linali ndi cholinga chabwino. Zinatengera kusintha konsichushoni yeniyeniyo mu 2017 kuti mpata umenewo utsekedwe.

Tibwerere kwa a Gwanda, chifukwa pali china chomwe ambiri sachimvetsa. Lamulo lotsutsana ndi konsichushoni silifa lokha. Ndime ya vakabu inakhala ikugwira ntchito zaka zoposa 20 konsichushoni ilipo kale, anthu akugona m'chitokosi, ena akungovomera mlandu n'kulipira faindi kuti abwerere ku geni. Malamulo akale anapitirira kugwira ntchito mpaka aphungu atawasintha kapena khoti litawakana. Ndipo si khoti lililonse. Majisitireti alibe mphamvu yofafaniza lamulo. Mlandu wa a Gwanda unayambira kwa majisitireti, koma unayamba waima kuti funso la konsichushoni lipite ku bwalo lalikulu. Mkulu wa oweruza milandu akatsimikiza kuti nkhani ikukhudzadi konsichushoni, imamvedwa ndi oweruza osachepera atatu. Kuchokera tsiku logwidwa kufika tsiku la chigamulo panadutsa pafupifupi zaka ziwiri, ndipo panafunika maloya ndi mabungwe omenyera ufulu kuti aime nawo. Wogulitsa majumbo payekha sakanakwanitsa, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pomwe dongosolo lathu lili lofooka: ufulu ndi wa aliyense, koma njira youtetezera ndi yodula.

Chenjeraninso ndi mawu aja akuti "pa mbali imene chikutsutsanayo". Khoti silinataye buku lonse la zilango. Linachotsa kandime kamodzi. Milandu ina yokhudza kusokoneza mtendere pagulu inatsala, choncho munthu asamayende akudzitama kuti usiku sangagwidwe. Komanso si lamulo lililonse lochepetsa ufulu lomwe ndi lolakwika. Ndime 44 imalola kuchepetsa maufulu ena, bola kuchepetsako kukhale kolembedwa m'malamulo, koyenera, kovomerezeka pa mfundo za ufulu wachibadwidwe za dziko lonse lapansi, ndiponso kofunikadi m'dziko la demokalase. Khonsolo ikakuuzani kuti muzigulitsira mumsika osati m'mbali mwa msewu, mwina zikuwawani, koma ili ndi zifukwa zoti ingafotokoze m'khoti. Lamulo la vakabu linalephera pa sikelo imeneyi chifukwa linali lotambalala kwambiri, moti munthu sakanadziwa chochita kuti asalakwe.

Kwa inu a mumsika, phindu lake lili pa mafunso omwe mungafunse zinthu zikavuta. Wachibale akagwidwa, funsani kuti mlandu wake ndi wotani ndipo ndi ndime iti, n'kulemba papepala pamodzi ndi tsiku ndi ola lomwe wagwidwa. Ola limenelo ndi lofunika, chifukwa ndime 42 ya konsichushoni imati womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, ali ndi ufulu wokhala chete ndi woonana ndi loya, ndipo aperekedwe kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku loti makhoti sagwira ntchito, apite tsiku loyamba lomwe atsegula. Palibe lamulo la khonsolo, lamulo la apolisi kapena mawu a bwana aliyense amene angachotse zimenezi. Ndipo mukaona papepala la mlandu palembedwa 184(1)(c), pitani nalo ku ofesi ya boma yothandiza anthu osowa maloya, chifukwa ndime imeneyo khoti linaikana kale mu 2017.