Malipiro a pa chidutswa: gawani ndalama ndi maola

"Ndili ndi atelala osoka matumba, ndimawalipira pa thumba lililonse. Ndingadziwe bwanji kuti malipiro awo sakutsika pansi pa mlingo wa pa ola umene lamulo linaika?"

Akulu, yambani ndi kaundula wa maola, ngakhale mumalipira pa thumba. Munthu aliyense azilembedwa nthawi yoyamba ntchito, yopuma ndi yoweruka, ndipo azisainira. Pakutha pa sabata tengani ndalama zimene wapata, muzigawe ndi maola ake.

Manambala awa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti mlingo wa lamulo ndi 500 pa ola, inu mumalipira 250 pa thumba. Telala woyamba wasoka matumba 90 m'maola 40, wapata 22,500, kutanthauza 562.50 pa ola. Ameneyo ali bwino. Wachiwiri wasoka 72 m'maola omwewo, wapata 18,000, ndiye kuti 450 pa ola. Anayenera kulandira 20,000, choncho mumuwonjezere 2,000, ndipo ilembedwe payokha papepala la malipiro kuti umboni ukhalepo. Musawaphatikize awiriwa. Mukatero mupeza 40,500 m'maola 80, pafupifupi 506 pa ola, nkumaganiza kuti zonse zili m'malo pamene wina waperewera. Changu cha telala mmodzi sichilipira mnzake.

Pamene mabwana ambiri amagwa ndi pa maola amene thumba silinasokedwe. Makina afa, nsalu yachedwa kubwera, kapena mwawauza kuti asese ndi kulongedza katundu. Ngati munthu ali pantchito chifukwa inu mwamuuza kuti adikire, malamulo a mayiko ambiri amati amenewo ndi maola antchito. Telala woyamba uja akakhala kuti anadikira makina maola 6 kuwonjezera pa 40 aja, maola ake ndi 46, ndipo ayenera kulandira 23,000. Amene ankaoneka kuti ali bwino uja tsopano akuperewera ndi 500. Matumba amene mwawakana chifukwa chosokedwa molakwika nawonso safafaniza maola: thumba silinawerengedwe, koma nthawi anaigwira.

Mufunsenso ku ofesi yoona za ntchito ngati kuyerekezaku kumachitika sabata iliyonse kapena pa nyengo yonse yolipira, chifukwa mayiko amasiyana. Kumene amawerenga pa sabata, phindu la sabata yabwino silingakwirire sabata yoipa. Maola owonjezera nawo amakhala ndi kawerengedwe kawo.

Ine chimene ndingayang'ane kwambiri ndi chiwerengero cha anthu amene mukuwawonjezera ndalama. Pa 250, munthu ayenera kusoka matumba awiri ola lililonse kuti angofika pa mlingo. Akamaperewera wongoyamba kumene, nzosadabwitsa. Koma theka la atelala likamaperewera sabata ndi sabata, si ulesi, mtengo wa thumba ndiwo wachepa. Yesani matumba amene telala wa liwiro lapakati amasoka pa ola, osati katswiri wanu, ndipo mtengo muukhazike pamenepo.