Manotsi ogula anandigwetsa pa funso la potomita

"Anzanga thandizeni. Ndili giredi 12 ndipo mayeso ayandikira. Mutu umodzi wa bayoloje uli ndi masamba oposa 20, ndikawerenga palibe chotsala m'mutu. Ndingaufupikitse bwanji kuti ndikhale ndi manotsi aafupi, mawu ofunika komanso mafunso amene angabwere?"

Mng'ono wanga, ndasiya mbale m'beseni kuti ndikuyankhe, chifukwa mtima wanga wabwerera m'holo muja momwe ndinalira misozi yosatuluka.

Chaka chomwe ndinalemba ine, kunali bambo wina wochititsa tushoni m'kachipinda kena kuseri kwa mashopu, dzina sinditchula. Ankagulitsa mapamfuleti a fotokope, mutu uliwonse katsamba kamodzi, ndipo ankalumbira kuti zobwera zonse zili momwemo, buku n'lotayitsa nthawi. Amayi anga amagulitsa tomato ndi repu pamsika wa Kapata. Anamasula ndalama pamfundo ya chitenje, ndalama ya kaoda ka mawa lake, n'kundipatsa kuti ndikagule. Mutu wa kayendedwe ka madzi ndi chakudya m'zomera, umene m'buku mwathu unali masamba ambirimbiri, iye anausandutsa mizere khumi. Zayilemu ndi chakuti. Fuloemu ndi chakuti. Tiranisipireshoni ndi chakuti. Zinthu zinayi zofulumizitsa kapena kuchedwetsa tiranisipireshoni, kumene ndi kutuluka kwa madzi m'masamba ngati nthunzi: kutentha, mphepo, chinyezi cha mumpweya, kuwala. Basi. Ndinaloweza zonsezo ngati vesi la Sande sukulu, usiku pa kandulo malaiti atapita, mpaka ndinkatha kuzinena ndili kutunga madzi.

Tsiku la pepala 2 linafika. Kunkatentha kutentha kwathu kuja kwa mvula isanagwe, malata a holo akulira, thukuta likudontha papepala. Nditatsegula tsamba lachitatu ndinaona chithunzi cha kanthambi ka masamba kolowetsedwa m'kapaipi kagalasi kodzaza madzi, ndi kathovu kampweya pambali pa rula. Sindinachionepo chinthu chimenecho chibadwire. Pansi pake panali tebulo la manambala. Funso loyamba linkafuna liwiro la kathovuko, lachiwiri linkafuna ndifotokoze chifukwa chake kanathamanga kwambiri atayatsa fani, mamakisi atatu. Ndinalemba kuti chifukwa mphepo imachulukitsa tiranisipireshoni. Ndinayang'ana mizere inayi yopanda kanthu imene inatsala pansi pa yankho langa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna zambiri, koma m'mutu munalibe china. Ndinabwereza chiganizo chomwecho m'mawu ena. Manja ankanjenjemera mpaka cholembera chinagwa pansi, woyang'anira mayeso anachita kunditolera. Mtsikana wa kutsogolo kwanga anali kungolemba, kutembenuza tsamba, kulembanso. Ine maso pa wotchi ya pakhoma, mphindi zikutha, ndikuganiza za amayi atakhala padzuwa ndi tomato wawo. Kenako funso loti n'chifukwa chiyani kanthambiko amakadulira m'madzi. Pamenepo ndiye ndinangosiya mpata. Nditatuluka sindinapite kunyumba, ndinakakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa kalasi mpaka dzuwa kupendeka. Zotsatira zitabwera, bayoloje ndinapeza 8, ndipo maloto a unesi anaima kaye pomwepo.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti chithunzi chimenecho chinalimo m'buku, potomita, tsamba lathunthu, ndi mafotokozedwe ake. Bambo uja anachidumpha chifukwa kujambula kumadya malo pa fotokope. Nditapita kukamuuza, anandiyankha kuti ana ena anakhoza ndi mapamfuleti omwewo, vuto ndi mutu wanga. Munthu wamkulu, kudya ndalama ya mayi wogulitsa tomato n'kunyozanso mwana wake! Ndipo ndamva kuti akugulitsabe. Mulungu ndiye adzamufunse.

Ndinadzalembanso pa GCE, ndinapeza 4, ndipo manotsi ndinapanga ndekha. Ndikuuza ndi mutu womwewo kuti uone.

Usayambe ndi buku, yamba ndi silabasi. Aphunzitsi ako ali nayo, apemphe ujambule ndi foni masamba a mutu umenewo. Mmenemo analemba zimene wophunzira ayenera kutha kuchita, ndipo ECZ, bungwe lokonza mayeso, imatenga mafunso pamenepo. Mzere uliwonse usandutse funso ndipo ulembe kumanzere kwa pepala lopindidwa pakati. Pa mutu wa zomerawu ine ndinatuluka ndi mafunso asanu ndi awiri okha, monga: madzi amalowa bwanji mumuzu, amakwera bwanji mpaka kutsamba, zayilemu isiyana bwanji ndi fuloemu, potomita imayeza chiyani. Masamba onse aja amangoyankha mafunso amenewa, zina ndi zitsanzo ndi kubwerezabwereza.

Ukatero werenga kagawo kamodzi kokha, mwina masamba awiri, tseka buku, ulembe yankho kumanja kuchokera m'mutu. Kutseka bukuko ndiye nkhani yonse. Likakhala lotsegula dzanja limangokopera, mutu uli kwina. Ukamaliza tsegula, uone chimene wasiya, uwonjezere ndi cholembera cha mtundu wina. Zolembedwa ndi mtundu winawo ndizo zimene udzaiwale m'holo, choncho ndizo zoyamba kubwereza.

Tsopano apa ndi pamene ndinagwera ine, ndiye mvetsera bwino. Ukalemba mndandanda wa mayina okhaokha, usaganize kuti wapanga manotsi. Pa chilichonse chimene chili ndi chifukwa, lemba unyolo wonse, mphete ndi mphete, ndi timivi pakati. Za mphepo zija, unyolo wake ndi uwu: madzi amatuluka patsamba ngati nthunzi kudzera m'timabowo totchedwa sitomata, tambiri tili kunsi kwa tsamba. Kukakhala bata, nthunziyo imaunjikana pafupi ndi timabowoto, mpweya wa pamenepo umakhala wachinyezi, ndiye nthunzi ina imachedwa kutuluka. Mphepo ikaomba imachotsa mpweya wachinyeziwo, kusiyana kwa chinyezi m'kati mwa tsamba ndi kunja kumakula, nthunzi imatuluka msanga mwa difyushoni, ndipo chomera chimakoka madzi ambiri kudzera mu zayilemu, timapaipi tokweza madzi kuchokera kumizu. N'chifukwa chake kathovu kanathamanga. Mamakisi atatu aja anali pamenepo: mpweya wachinyezi wachotsedwa, kusiyana kwakula, difyushoni yafulumira. Ine ndinali ndi mawu amodzi okha, mphepo. Panotsi pako zimenezi ndi mizere iwiri basi, koma mizere yokhala ndi chifukwa m'kati. Manambala a mamakisi ali m'mbali mwa funso amakuuza kuchuluka kwa mfundo zimene akufuna, ndiye funso la mamakisi atatu usalisiye ndi mfundo imodzi.

Mawu ofunika ndi aja amene wochonga amawafunafuna ndi maso, osati aliwonse amene bukulo lawadetsa. Tenga osimosisi. Ukalemba kuti ndi kuyenda kwa madzi basi, supeza kanthu. Pafunika zinthu zitatu: kuti zoyendazo ndi timamolekyu ta madzi, kuti tikuchoka kumene madzi ali ambiri kupita kumene ali ochepa, ndiponso kuti tikudutsa pa kachikopa kolola zina kudutsa n'kukaniza zina. Zitatuzo zidule mzere kunsi. Matanthauzo otere alembe m'Chizungu ndendende monga alili m'buku chifukwa mayeso ndi a m'Chizungu, koma pambali pake ika chitsanzo cha kwathu m'Chinyanja. Ine pa osimosisi ndinalemba za fetereza: ukamuthira wambiri pafupi kwambiri ndi phata la chimanga chaching'ono, madzi amatuluka m'mizu kupita m'dothi ndipo chimanga chimafota, timati chapsa. Pa tiranisipireshoni ndinalemba za agogo amene ankawokera mbande madzulo, dzuwa litazizira, kuti zisataye madzi mizu isanagwire. Funso likabwera mozungulira, chitsanzo chotere ndi chimene chimakutsegulira njira.

Zithunzi usadumphe, ndakugwira mwendo. Chilichonse chojambulidwa m'mutuwo chijambule wekha, ngakhale chikhote, ulembe mayina a zigawo zake. Pansi pa potomita yanga ndinalemba zinthu zitatu. Kanthambi amakadulira m'madzi kuti mpweya usalowe mu zayilemu n'kutseka njira ya madzi. Chidacho chimayeza madzi amene nthambi yamwa, osati amene yataya ndendende, chifukwa ena ochepa chomera chimawagwiritsa ntchito. Ndipo liwiro ndi mtunda kugawa ndi nthawi: kathovu kakayenda mamilimita 30 pa mphindi 5, ndiye mamilimita 6 pa mphindi. Samu ya giredi 7 imeneyo, koma inandithawa chifukwa ndinali ndisanaionepo itavala malaya a bayoloje.

Za mafunso amene angabwere, aliyense wokuuza kuti akudziwa zobwera chaka chino ndi wabodza kapena akukukokera ku likeji, mayeso obedwa, ndipo imeneyo ingakufafanizitse zotsatira zonse. Thawa. Koma tenga mapasiti pepa a zaka zisanu zapitazi, ufufuze mafunso a mutu wakowo okha, uike kachizindikiro pambali pa funso lako lililonse limene lafunsidwapo. Uona kuti zina zimabwerabwera, zimangosintha chovala, ndipo zimenezo uzipatse nthawi yambiri. Ona ndi mawu oyambira funso. Akati siteti, tchula chabe. Akati disikiraibu, nena zimene zikuchitika kapena zimene ukuona. Akati ekisipuleni, mawu oti chifukwa ayenera kupezeka m'yankho lako. Pansi pa notsi iliyonse dzilembere funso limodzi la mtundu uliwonse, ndipo lina likhale la tebulo kapena girafu.

Udziwa bwanji kuti manotsi ako ndi abwino? Pinda pepala, mayankho abisike, uyankhe mafunso a kumanzere mokweza mawa lake, ubwerezenso patapita masiku atatu, kenako sabata. Pamene wakakamira, pamenepo bwerera ku buku. Ukaona kuti ukutha kutchula mayina koma mng'ono wako akakufunsa kuti chifukwa chiyani ukusowa chonena, ndiye kuti wapanga pamfuleti ya bambo uja ndi dzanja lako.

Komabe usapitirire pepala limodzi, kutsogolo ndi kumbuyo, pa mutu umodzi. Ukafika tsamba lachitatu ndiye kuti ukukopera buku, dula. Ndipo poti nthawi yatha kale, mitu yonse sungaithe wekha. Pezani anzanu atatu odalirika, mugawane mitu, aliyense apange yake n'kusinthana. Ngakhale pamfuleti ukaipeza yotchipa tenga, ikuthandiza kuona mitu mwachangu, bola buku likhale pambali uziona zimene adumpha. Yamba usiku uno ndi mutu umene ukuuopa kwambiri, ukamaliza ujambule pepalalo unditumizire ku inibokosi, ndikuonera ndikaweruka kuntchito mawa.