Jenereta m'kachipinda ndi waya wa mapulagi awiri

"Zikomo akulu. Ndimakhala ku Dedza boma. Ndagula jenereta ya petulo ya mawati 2,000, koma poopa akuba ndikufuna kumailizira m'kachipinda ka katundu kogundana ndi khitchini, zenera lili chitsegulire. Mnzanga wandipangiranso waya wa mapulagi mbali zonse ziwiri, akuti ndikangolowetsa pa soketi nyumba yonse iyaka magetsi. Kodi pali vuto?"

Achimwene, waya umenewo muudule mapulagi lero lomwe. Nyumba iyakadi, mnzanuyo sananame, koma magetsi sadziwa polekezera. Akalowa pa soketi amadutsa pa bolodi, pa mita, n'kutuluka kupita ku mapolo. Thiransifoma ya m'dera lanu imatsitsa mphamvu kuchoka pa mavoti 11,000 kapena 33,000 kuti m'nyumba mufike 230, ndipo imathanso kugwira ntchito chobwerera. Mukaipatsa 230 kuchokera kwanu, mbali inayo imakweza kufika masauzande. Wogwira ntchito ku ESCOM yemwe wakwera polo akudziwa kuti laini yazima akhoza kufera pomwepo chifukwa cha kajenereta kanu.

Mwina muti muzithimitsa kaye swichi yaikulu ya pa bolodi. Muzithimitsadi, kufikira tsiku limene mudzakhale muli ku maliro ku Linthipe, mwana n'kuliza yekha, kapena wina n'kukweza swichiyo atamva kuti kwa aneba ayaka. Magetsi awiriwo akakumana, jenereta ikhoza kupsa nthawi yomweyo. Komanso pulagi imodzi ikakhala kale pa jenereta yolira, mano a inayo amakhala ndi moto ali pamtunda, poti aliyense angagwire.

Chofunika ndi tchenjiova, swichi ya malo atatu olembedwa I, 0 ndi II. Pa I nyumba ili pa ESCOM, pa II ili pa jenereta, pa 0 siili kulikonse. Inapangidwa mwakuti mbali ziwirizo sizingalumikizane ngakhale munthu atasokoneza chotani. Ikhale yodula mawaya onse awiri, wamoto ndi wa nyutirolo, ndipo aike ndi katswiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, yemwe aonenso za waya wopita pansi. Mumuuze kuti kuka ndi giza zisakhale ku mbali ya jenereta.

Magetsi akazima, ikani pa 0, lizani jenereta ilire mphindi ziwiri kapena zitatu ilibe katundu, kenako pititsani pa II n'kumayatsa zinthu chimodzichimodzi. Yambani ndi filiji, chifukwa ngakhale imadya mawati ngati 150 ikamayenda, podzuka imakoka katatu kapena kuposa. Onjezani wailesi ya kanema ya mawati 100 ndi mababu asanu ndi atatu a mawati 9, zonse sizifika 350. Ketulo yokha imadya pafupifupi 2,000, ndiye mukaiyatsa mumva injini ikubuula, mababu n'kuchita chizimezime. Tiyi aphikidwe pa mbaula. Magetsi akabwera, bwezani pa 0, zimitsani jenereta, ndiye mupite pa I.

Za kachipindako ndiye zikundiopsa kuposa waya. Utsi wa petulo uli ndi kaboni monokisaidi, mpweya wosaoneka komanso wosanunkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka. Zenera limodzi silingautulutse wonse. Nyumba zathu zambiri khoma la pakati silifika kumalata, kapena siling'i ili ndi mipata, ndiye mpweyawo umangowoloka kupita kuchipinda chogona. Kuzizira kwa ku Dedza mu Juni ndi Julaye aliyense amatseka paliponse n'kufunda mabulangete awiri, ndiye ulibe kotulukira. Mukaona anthu angapo m'nyumba akudandaula mutu, chizungulire ndi mseru nthawi imodzi, thupi losatentha, musathamangire kunena kuti ndi malungo. Tulukani nonse panja, zimitsani jenereta, pitani kuchipatala mukanene za utsiwo. Wogona samva chilichonse.

Jenereta ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchoka pa khomo ndi mazenera, paipi ya utsi italoza kosiyana ndi nyumba yanu ndi ya aneba. Akubawo athane ndi owotcherera: akupangireni kakhola ka zitsulo kozikidwa pa simenti, denga la malata loteteza mvula, mbali zonse zongotchinga ndi zitsulo zotalikirana, loko wabwino pakhomo. Musamange ndi njerwa mpaka pamwamba, injini imafuna mphepo kuti izizire.

Petulo musasunge m'kakholamo kapena m'nyumba. Akhale m'chigubu chopangidwira petulo, chotseka bwino, chosadzaza mpaka kukamwa, pamthunzi kutali ndi moto. Mabotolo a zakumwa ayi, ana amayesa chakumwa. Mafuta akatha usiku, zimitsani, dikirani mphindi ngati 15 injini izizire, ndipo pothira muunikire ndi tochi, osati kandulo.