Zifanifani ndi ziyerekezo ku Sitandade 4

"Aphunzitsi anzanga thandizeni, Lolemba ndili ndi zifanifani ndi ziyerekezo ku Sitandade 4, piriyodi ya mphindi 35, ndiyambire pati?"

Madamu, choyamba musazipanikize zonse mu piriyodi imodzi, Lolembalo tengani zifanifani zokha, ziyerekezo zibwere Lachiwiri. Ine ndinaziphatikizapo chaka china ana anangoti kukamwa yasa.

Komanso musayambe ndi kulemba tanthauzo pa bolodi ayi. Lowani ndi zinthu m'jumbo, khala limodzi, thonje, tsabola, mwala ndi therere lothyola lija lonanda. Mphindi 5 zoyamba azigwire, kupatula tsabolayo poti ena amakatikita m'maso. Kenako kwezani khala mufunse kuti poto wa kunyumba kunsi kwake ndi wotani, ayankha kuti wakuda, wakuda ngati chani? Onse akuwa okha kuti makala! Ndiye mulembe, Poto ndi wakuda ngati makala, mutseke mzere kunsi kwa ngati. Chitani chimodzimodzi ndi sopo woterera ngati therere, chigumu chouma ngati mwala, mphindi 10 zikwana. Apa mpomwe muwauze dzina loti chifanifani, ndi kuti pamafunika zinthu ziwiri zosiyana, khalidwe limodzi lofanana, ndi mawu olumikiza, ngati kapena monga.

Mphindi 12 zotsatira akhale m'magulu, gulu lililonse mulipatse nyama imodzi, kalulu, kamba, fisi, njovu, apeke chiganizo chawo mmodzi adzawerenge. Zotsalazo aliyense alembe ziwiri mu kope inu mukuzungulira kuchonga.

Pochongapo mpamene muone vuto lenileni. Wina alemba kuti Ndibwera ngati mvula yasiya, nkumati ndi chifanifani poti muli ngati. Musangomuthetha, mufunseni kuti chikufanana ndi chinzake nchiyani apa? Akasowa yankho azindikira yekha kuti ngati ameneyu ndi wina. Wina alemba Galu wathu ali ngati galu wa a neba, naye muuzeni kuti galu ndi galu basi, asake chinthu cha mtundu wina.

Lachiwiri lembaninso chiganizo chawo chomwe, Mphwanga ndi wochenjera ngati kalulu, mufufute wochenjera ngati iwo akuona, patsale Mphwanga ndi kalulu. Afunseni, kodi wamera makutu aatali? Aseka kaye kenako anena okha kuti ayi ndi wochenjera. Chiyerekezo nchimenecho. Kuti mudziwe ngati amva sakanizani pa bolodi Fisi ndi nyama ndi Mnyamata uja ndi fisi, asankhe chomwe chikubisa tanthauzo, ndipo mumve zomwe anene poti ena ati wamantha ena ati wosusuka, onsewo alondola.

Chonde ikani lamulo poyambirira kuti sitifanizira mnzathu wa m'kalasi, makamaka khungu ndi thupi. Kwanga kamtsikana kena kanalira mpaka nthawi ya buleki atakanena kuti kakuda ngati makala, nchifukwa chake khalalo ndimaliyerekeza ndi poto.