Nthawi yoikira mavidiyo pamene oonera ali kunja

"Ndili ku Area 25, ndimapanga mavidiyo ophika komanso Live kamodzi pa sabata. Ondionera ambiri ali ku Joni, UK ndi Amereka. Ndiziika nthawi yanji kuti onse andipeze? Ena akudandaula kuti ndimayamba iwo ali ku ntchito."

Achemwali, ola loti onsewo akhale ali maso komanso ali pa mpata pakati pa sabata palibe, ndiye musavutike kulifufuza. Chofunika n'kusiyanitsa vidiyo yojambuliratu ndi Live, chifukwa nthawi imavuta kwambiri pa Live pokha. Vidiyo ya kaphikidwe ka futali munthu wa ku Texas akhoza kuipeza mawa kapena mwezi wamawa n'kuionera bwinobwino. A YouTube eni ake amanena kuti nthawi yotulutsira vidiyo siidziwika kuti imasintha mmene vidiyoyo idzayendere m'tsogolo, koma pa Live ndi Premiere ndiye pofunika kusamala.

Tiyambe ndi mawotchi. Ife ndi a ku Joni nthawi yathu ndi imodzi chaka chonse, ndiye amenewo sakuvutitsani. A ku UK ndi Ireland ali kumbuyo kwathu ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi yotsalayo amatsalira ndi maola awiri. Ku Amereka ndiye kuli mawotchi angapo. A ku South Bend ku Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri ndithu, nthawi yawo ndi yofanana ndi ya New York ndi Washington DC: amatsalira ndi maola 6 m'chilimwe chawo, 7 m'nyengo yawo yozizira. A ku Dallas muwonjezerepo ola limodzi, a ku Seattle muwonjezerepo atatu. Ndiye mukamva kuti "ndili ku Amereka", funsani mzinda.

Tsopano tiyese 8 koloko usiku ya kuno, m'mwezi wa Juni. Ku Joni ndi 8 koloko yomweyo, ku Manchester ndi 7 koloko madzulo, ku South Bend ndi 2 koloko masana, ku Dallas 1 koloko, ku Seattle 11 koloko m'mawa. Lachitatu, anthu onse a ku Amerekawo ali pa ntchito, ndipo ndikukhulupirira kuti ndi amene akudandaulawo. Koma ola lomwelo Loweruka kapena Lamulungu limakhala bwino kwa pafupifupi aliyense: kuno tadya, ku UK ndi madzulo, ku Indiana abwera kutchalitchi. Ine ndikanakhala inu Live ndikanaisamutsira Loweruka. Lamulungu a ku Seattle akhala ali m'kati mwa mapemphero, ndipo a ku Joni amakhala akuganiza zolawirira Lolemba. Dziwaninso kuti abale athu ambiri ku UK amagwira ntchito yosamalira okalamba, yosinthana usana ndi usiku, moti 7 koloko madzulo ena amakhala asanaweruke, ena ali m'basi kupita kokagwira usiku. Mukakankhira ku 9 koloko ya kuno mungawapeze ena mwa iwo, koma mutaya a kuno amene amagona msanga. Apa m'pofunika kuti manambala anu akuuzeni, osati amene akufuula kwambiri m'makomenti.

Lowani mu YouTube Studio, pa Analytics, kenako Audience. Pamenepo muona mayiko amene oonera anu ali, komanso tchati chotchedwa "When your viewers are on YouTube", chimene chimaonetsa masiku ndi maola a masiku 28 apitawa. Pomwe mtundu wada kwambiri mpamene anthu anu ambiri ali pa YouTube. Maola a patchatipo ndi a wotchi yanu ya kuno, ndiye musachite kuwerengeranso. Chenjezo langa n'lakuti tchaticho chimasakaniza mayiko onse pamodzi. Mukaona pena pakuda kwambiri cha m'ma 8 koloko usiku ndi pena pofooka cha m'ma 2 koloko usiku, sikuti a ku Kawale sakugona ayi, amenewo ndi a ku Amereka ataweruka. Tchaticho chikapanda kuoneka ndiye kuti oonera sanachuluke mokwanira, ndipo m'malo mwake ingofunsani anthuwo ndi poll, mutalemba maola awiri kapena atatu okha oti asankhepo.

Tiyerekeze kuti mwa oonera khumi aliwonse, anayi ali ku Joni, atatu kuno, awiri ku UK, mmodzi ku Amereka. Asanu ndi awiri ali pa wotchi imodzi ndi inu, ndiye palibe chifukwa choti muzidzuka 2 koloko usiku chifukwa cha munthu mmodzi. Live siichoka ikatha, adzaionera pambuyo. Koma ngati mavidiyowo cholinga chake n'kugulitsa, mwina mumatumiza ufa wa kondowole ndi usipa, yang'anani komwe maoda akuchokera. Awiri a ku UK aja akhoza kulemera kuposa asanu ndi awiri enawo.

Pa mavidiyo ojambuliratu, kukweza ndi kutulutsa ndi zinthu ziwiri. Kwezani nthawi imene magetsi alipo ndipo netiweki ili bwino, kaya ndi usiku pa bandulo yotsika mtengo, ndipo pa Visibility musankhe Schedule. Vidiyo imakhala yobisika mpaka nthawi mwaikayo, foni yanu kaya yathima. Izi zimapatsanso YouTube mpata womaliza kukonza HD, chifukwa mukatulutsa pompopompo oyamba kuonera akhoza kupeza chithunzi chosaoneka bwino. Ine ndimaika kuti ituluke ola limodzi kapena awiri tchati chija chisanade, kuti anthu akamalowa aipeze ilipo kale. Ku Facebook zomwezi mumachitira mu Meta Business Suite.

Pomwe anthu amagwa kwambiri ndi pa tsiku. Mukafuna vidiyo ituluke Lachisanu 7 koloko madzulo ku South Bend mu Juni, kuno imeneyo ndi 1 koloko usiku, ndipo tsiku lasintha kale, ndi Loweruka. Mukasankha Lachisanu 1:00 AM, vidiyo ituluka tsiku lathunthu nthawi isanakwane. Onetsetsaninso kachizindikiro ka nthawi pafupi ndi ola, kazilemba GMT+2. Laputopu zambiri za kaunjika zimabwera zili pa nthawi ya dziko lomwe zinachokera, munthu n'kungokonza ola ndi manja osasintha time zone. Chizindikiro chake n'chakuti mavidiyo amatuluka mophonya ndi maola athunthu, ofanana nthawi zonse.

Vuto lina limabwera kawiri pa chaka, pamene azungu asuntha mawotchi awo ife osasuntha. UK imasintha Lamulungu lomaliza la Marichi ndi la Okutobala, pamene Amereka imasintha Lamulungu lachiwiri la Marichi ndi loyamba la Novembala. Mu 2026 ndiye kuti Amereka pa 8 Marichi ndi 1 Novembala, UK pa 29 Marichi ndi 25 Okutobala. Live yanu ya 8 koloko, imene ku Manchester anazolowera kuti ndi 7 koloko, ikadutsa 25 Okutobala idzayamba 6 koloko kwa iwo, ndipo wobwera 7 koloko adzapeza mukupakula. Mukaona oonera a ku UK atsika mwadzidzidzi kumayambiriro kwa Novembala, yambani mwakayikira zimenezi musanaganize kuti akutopa nanu.

Choncho sankhani wotchi imodzi yoimapo. Ngati ambiri ali kuno ndi ku Joni, khalani pa 8 koloko chaka chonse ndipo muziwachenjeza akunjawo sabata imodzi mawotchi awo asanasinthe. Ngati ndalama zikuchokera ku UK, muzisuntha inuyo: 8 koloko kuyambira kumapeto kwa Marichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, 9 koloko miyezi yotsalayo. Pa positala musalembe "8 koloko" basi, m'chilimwe chawo lembani chonchi:

```
Loweruka 20:00 Lilongwe/Joburg | 19:00 UK | 14:00 New York
```

Ndipo Live yanuyo muziikonzeratu mu YouTube Studio masiku awiri kapena atatu isanachitike, n'kutumiza linki yake m'magulu a WhatsApp. Aliyense akaitsegula amaona nthawi yoyambira pa wotchi ya kumene ali, ndipo akadina Notify me foni imamukumbutsa yokha.